Mawu otsekera vidiyo ya pa YouTube ndi pempho limodzi kwa oonera: mafunso ndi mayankho

Tsamba ili likuyankha mafunso omwe anthu ojambula mavidiyo ophunzitsa amafunsa kawirikawiri pa za masekondi omaliza a vidiyo: zoti anene, nthawi yoti anene, ndi chifukwa chake oonera samachita zomwe apemphedwa. Kuti zimveke bwino, titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: vidiyo ya mphindi 8 yophunzitsa kalereredwe ka anapiye m'sabata yawo yoyamba, pa tchanelo cha ulimi wa nkhuku.

Kodi End screen ndi chiyani, ndipo YouTube imalola zotani?

Ndi timabokosi todina tomwe timaoneka pamwamba pa chithunzi vidiyo ikamatha. Timaikidwa m'masekondi omaliza okha, kuyambira 5 mpaka 20, ndipo vidiyoyo iyenera kukhala yosachepera masekondi 25. Pa vidiyo yopingasa ya 16:9 mutha kuika timabokosi mpaka tinayi. Mitundu yake ndi iyi: vidiyo ina, mndandanda wa mavidiyo, batani losabusikiraiba, tchanelo cha munthu wina, ndi linki yopita kunja kwa YouTube. Linki yakunjayi imaloledwa kwa okhawo omwe analandiridwa mu YouTube Partner Program, ndondomeko yomwe eni matchanelo amapezera ndalama pa YouTube.

Kabokosi pakokha ndi kosalankhula. Kamangoonetsa chithunzi ndi mutu wa vidiyo. Chomwe chimasuntha chala cha munthu ndi mawu omwe inu mukunena pomwe kabokosiko kakutulukira, ndipo n'chifukwa chake mawuwo amafunika kulembedwa musanayatse kamera.

Ngati malo alipo anayi, n'chifukwa chiyani mukuti pempho likhale limodzi?

Taganizani momwe woonera alili pa 7:45. Foni ili m'dzanja limodzi, zomwe anadzera wazipeza, ndipo maso ayamba kale kuyang'ana mavidiyo ena omwe ali m'munsi. Mukamuuza kuti alaike, asabusikiraibe, adine kabelu, alembe ndemanga, agawireko anzake, kenako aonerenso vidiyo ina, mwamupatsa ntchito zisanu ndi imodzi m'masekondi 15. Ayenera kuyamba wasankha yoti ayambe, ndipo kusankhako ndi ntchito inanso. Chophweka kuposa zonse ndi kungotuluka.

Pali vuto lina lomwe ambiri saliona. Mapemphowa amakokera mbali zosiyana. Wolemba ndemanga amatsikira m'munsi, kabokosi ka vidiyo nkumubisikira. Wogawira mnzake amapita ku WhatsApp, kumeneko nkupeza mauthenga ena, osabwereranso. Ndiye ngakhale munthu wofunitsitsa kukuthandizani sangachite zonse. Akachita chimodzi, zinazo zagwa.

Komanso mndandanda wa "laikani, sabusikiraibani, gawirani anzanu" anthu anaumva kambirimbiri moti khutu limangoudumpha. Kwa woonera, mawu amenewo ndi belu loweruka.

Ndiye pempho limodzilo likhale liti?

Pa mavidiyo ambiri ophunzitsa, likhale lakuti aonere vidiyo inayake yomwe mwaitchula bwinobwino. Zifukwa zake n'ziwiri. Choyamba, ndi pempho lomwe phindu lake ndi la woonera: akupeza yankho la funso lake lotsatira, pomwe kusabusikiraiba kumaoneka ngati kukuchitirani inu chifundo. Chachiwiri, munthu yemwe waona mavidiyo anu awiri kapena atatu motsatizana amakhala ndi chifukwa chenicheni chosabusikiraiba, ndipo ambiri amatero osapemphedwa.

Njira yosankhira ndi kudzifunsa funso ili: munthu akachita zomwe ndamuphunzitsa m'vidiyoyi, vuto loyamba lomwe akumane nalo ndi liti? Mlimi wathu waphunzira kufunditsa anapiye, kuwapatsa madzi ndi chakudya. Chomwe chimudetse nkhawa kenako ndi matenda, makamaka chitopa. Choncho vidiyo yomutumizako ndi ya katemera, osati yomwe munajambula dzulo ya kamangidwe ka khola la nkhumba, ngakhale ili yatsopano ndipo mukuikonda.

Zimasintha ngati cholinga cha vidiyo ndi china. Ngati mukufuna mafunso oti muyankhe sabata yamawa, pemphani ndemanga basi, ndipo funsani funso loyankhika ndi mawu ochepa: "Anapiye anu mumafunditsa ndi makala kapena magetsi?" Funso lakuti "Mukuganiza bwanji?" silibweretsa kanthu, chifukwa limafuna kuti munthu apange yekha nkhani.

Mawuwo ndiwalembe bwanji? Tipatseni chitsanzo chenicheni.

Nawa mathero omwe timawamva pafupipafupi:

"Basi abale anga, zomwe ndinakukonzerani lero zinali zimenezi. Zikomo kwambiri chifukwa chokhala nane mpaka pano. Ngati vidiyoyi yakusangalatsani musaiwale kulaika, kusabusikiraiba ndi kudina kabelu. Palinso mavidiyo ena ambiri pa tchanelo chathu, mutha kukaonera. Tionane ulendo wina, tsalani bwino."

Ndi mawu aulemu, koma taonani zomwe akuchita. Liwu loyamba, "basi", likuuza munthu kuti phunziro latha, ndiye ambiri amachoka asanamve chiganizo chachiwiri. Pempho la vidiyo ina lafika mochedwa, lili lachinayi, ndipo silikutchula vidiyo iliyonse: "mavidiyo ena ambiri" ndi kumuuza munthu kuti akafunefune yekha. Mawu akuti "ngati yakusangalatsani" ndi "mutha" akumutsegulira khomo lokanira.

Tsopano mathero omwewo atalembedwanso. Chiganizo chomaliza cha phunziro chikhale ichi: "Mukaona anapiye amwazikana bwino m'khola, osaunjikana pamoto, dziwani kuti kutentha kuli bwino." Mosapuma, mosasintha mawu, mupitirize:

"Koma anapiye ofunda bwino atha kuthabe ndi chitopa ngati sanalandire katemera. Tsiku lopereka ndi kasungunulidwe kake ndaonetsa m'vidiyo iyi. Dinani apa."

Muli zigawo zitatu. Choyamba ndi vuto lomwe latsala: chitopa. Mukumukumbutsa woonera kuti ntchito yake sinathe, ndipo n'zoona, simukumunamiza. Chachiwiri ndi lonjezo lomwe angalikhudze: tsiku ndi kasungunulidwe. Simunanene kuti "zambiri zokhudza katemera", chifukwa "zambiri" n'zosagwirika. Chachitatu ndi chochita chimodzi, chonenedwa ndi mneni mmodzi, dzanja likuloza pomwe pali kabokosi.

Ndondomekoyi isasinthane. Mukayamba ndi "dinani apa", munthu amadzifunsa kuti adiniranji, ndipo pomwe mukufotokoza wapita kale. Chifukwa chitsogole, lamulo litsatire.

Onaninso liwu lolumikizira. "Koma", "tsopano", "chatsala ndi" amapititsa nkhani patsogolo. "Pomaliza", "mwachidule", "basi", "ndiye ndi zimenezo" amaitseka. Mukamawerenganso zomwe mwalemba, fufuzani mawu otsekawa m'mphindi yonse yomaliza ndi kuwachotsa.

Chomaliza n'chakuti lonjezo lifanane ndi zomwe zili pa kabokosi. Ngati pakamwa mwati "katemera wa chitopa" koma mutu wa vidiyoyo ndi "Ulimi wa nkhuku gawo 4", woonera sadziwa ngati ndi yomweyo. Liwu lakuti "chitopa" lioneke pa mutu kapena pa chithunzi chake. Ndipo akadina, vidiyoyo iyambe ndi nkhani ya katemerayo m'masekondi oyambirira, osati mphindi ziwiri za malonje. Mukamugwiritsa mwala kamodzi, ulendo wina sadinanso.

Koma kuchoka osatsanzika si mwano? Kwathu sititero.

Funso ili ndi lomveka, ndipo sitikunena kuti mutaye ulemu. Mlendo sanyamuka pakhomo osatsanzika, ndipo wojambula amamva ngati wathawa anthu ake akangodula nkhani. Koma kumbukirani kuti pano simukusiyana naye woonerayo. Mukumuperekeza kuchoka m'chipinda china kulowa china cha nyumba yomweyo. Munthu womuperekeza chotero sumuuza kuti "yendani bwino", umamuuza kuti "tiyeni kuno".

Choncho kuthokoza kulipo, koma kukhale kwakufupi ndipo kubwere pempho litanenedwa kale: "Dinani apa. Zikomo, tikumane kumeneko." Mawu atatu kapena anayi akwanira. Ngati mukufuna kuthokoza mokwanira, mwachitsanzo anthu omwe anatumiza mafunso, chitani zimenezo pakati pa vidiyo pomwe mukuyankha funso lawolo. Pamenepo kuthokozako kumamveka kochokera pansi pa mtima kuposa kwa kumapeto komwe aliyense amanena.

Pa kalankhulidwe, "dinani" ndi ulemu wokwanira kale. Simufunika kuwonjezera "chonde ngati mungathe mutandithandizako", chifukwa mukatero zikumveka ngati vidiyo yachiwiriyo ndi katundu woti akusenzereni.

Ndigwiritse masekondi onse 20?

Osati mwachizolowezi. Kutalika kwa timabokosi kutsatire kutalika kwa mawu anu. Werengani mawu otsekerawo mokweza, pa liwiro lomwe mumalankhulira pa kamera, wotchi ya pafoni ikuwerenga. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye musadalire kuwerenga kwa m'maso. Chiganizo chooneka chachifupi papepala chimatha kudya masekondi ambiri. Tiyerekeze kuti mawu a chitopa aja akutengerani masekondi 10. Onjezani masekondi 4 oti munthu aone kabokosi ndi kusuntha chala. Zonse pamodzi ndi 14. Pa vidiyo ya 8:00, kabokosi katulukire pa 7:46, pomwe mukunena "koma".

Zolakwika zimakhala mbali ziwiri. Ena amamaliza kulankhula, kenako nkuika chithunzi chosayenda ndi nyimbo kwa masekondi 20. Nyimbo ikangoyamba anthu amadziwa kuti zatha. Ena amadula vidiyo pa liwu lomaliza lenilenilo, kabokosi nkuzimiririka munthu asanakafikire. Mukanena "dinani apa", khalanibe pa kamera, dzanja lili chilozere, muwerenge chamumtima mpaka 4 musanazimitse.

Pojambula ndikonzekere chiyani kuti kabokosi kasaphimbe nkhope kapena ntchito yanga?

Sankhani mbali musanajambule. Ngati kabokosi kadzakhala kumanja kwa sikirini, inu muime kumanzere kwa chithunzi, mbali inayo ikhale yopanda kanthu kofunika. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: mukayang'anizana ndi kamera, kumanja kwa woonera ndi kumanzere kwanu. Kamera yakutsogolo ya foni imasokonezanso, chifukwa pojambula imakuonetsani ngati pagalasi, ndipo mafoni ena amasunga vidiyo motembenuza pomwe ena satero. Jambulani masekondi 5 oyesera mukuloza, muonere zomwe zasungidwa, ndipo muike chizindikiro pakhoma kapena pamtengo choti muzilozako.

Pakamwa musanene "kumanja" kapena "kumanzere". Nenani "apa" kapena "iyi", dzanja ligwire ntchito yotsalayo. Mawu olembedwa pa sikirini, ngati mukuwafuna, akhale awiri kapena atatu okha pamwamba pa kabokosi, monga "Katemera wa chitopa", ndipo akhale aakulu moti awerengeke pafoni. M'masekondi amenewa musaonetse chinthu chomwe woonera ayenera kuchiwerenga, monga muyezo wa chakudya cha anapiye. Kabokosi kakachiphimba, amakwiya ndi kabokosiko.

Ndimaika bwanji mu YouTube Studio, ndipo ndisankhe chiyani pa vidiyo?

Pa kompyuta, lowani mu YouTube Studio, tsamba loyendetsera tchanelo chanu, pitani pa Content, tsegulani vidiyoyo, kenako Editor ndi End screen. Onjezani kabokosi ka Video, kakokereni pomwe dzanja lanu likuloza, ndipo pa mzere wa nthawi m'munsimo konzani poyambira pake kuti pagwirizane ndi mawu anu. Dinani Save, kenako muonere mathero ake pafoni, chifukwa oonera anu ambiri ali pafoni.

Pa kabokosi ka vidiyo pali zosankha zitatu. Most recent upload imaonetsa vidiyo yanu yatsopano kwambiri, ndiye imasintha nthawi iliyonse mukaika ina. Best for viewer imasiyira YouTube kuti isankhire munthu aliyense. Choose specific video ndi yosankha nokha. Ngati pakamwa mwatchula chitopa, palibe kuchitira mwina koma yachitatuyi. Ziwiri zinazo zingachititse kuti mukuloza vidiyo ya nkhumba kwinaku mukulankhula za katemera.

Samalaninso ndi Import from video, yomwe imakopera timabokosi ta vidiyo ina. Imapulumutsa nthawi pa kaikidwe, koma imabweretsanso vidiyo yomwe inalozedwa kumeneko. Mukaigwiritsa ntchito, sinthani vidiyo yolozedwayo ndi nthawi yoyambira.

Nanga kuika batani losabusikiraiba pambali, osalitchula, n'kulakwa?

Ayi. Pempho limodzi ndi la pakamwa. Kabatani kozungulirako kakhoza kukhala pakona mwakachetechete kwa yemwe akukafuna. Chomwe sitikulimbikitsa ndi mavidiyo awiri kapena atatu oyandikana, chifukwa pamenepo "iyi" wanu uja sakudziwikanso kuti ndi iti.

Ngati mukufunadi kupempha anthu kuti asabusikiraibe, teroni pakati pa vidiyo, mutangopereka mfundo yothandiza kwambiri, m'chiganizo chimodzi chokhala ndi chifukwa: "Nkhukuzi tizitsatira sabata ndi sabata mpaka tsiku logulitsa, ndiye sabusikiraibani kuti tiyendere limodzi." Kenako bwererani ku phunziro.

Vidiyo yomwe ndikufuna kulozako sindinaijambule. Ndichite bwanji?

Musalonjeze chomwe kulibe ngati kuti chilipo. Pali njira ziwiri. Yoyamba: jambulani mathero ngati kuti vidiyo ya katemera ilipo, koma musatulutse ya anapiye mpaka zonse ziwiri zitakonzeka, ndipo ya katemera ituluke poyamba kapena tsiku lomwelo. Yachiwiri: lozani ku vidiyo yomwe ilipo kale yoyandikira nkhaniyo, ndi mawu oona okhudza imeneyo.

Pewani mawu omwe amakalamba. "Sabata yamawa ndidzaonetsa" ndi oona kwa masiku 7 okha, pomwe vidiyo yophunzitsa anthu amaipeza pakapita chaka. Timabokosi mutha kutisintha nthawi ina iliyonse vidiyo itatuluka kale, koma mawu omwe munanena simungawalankhulenso. Chomwe Editor ingakuthandizeni ndi kudula gawolo basi.

Anthu ena akuti saona kabokosi komwe ndikuloza. Chavuta n'chiyani?

Timabokosi si gawo la vidiyo yeniyeniyo. YouTube ndiyo imatiyika pamwamba poonetsa. Choncho vidiyo ikakoperedwa nkutumizidwa ngati failo pa WhatsApp, kapena mukaika failo yomweyo pa Facebook kapena TikTok, dzanja lanu limaloza mpweya. Kwa ife izi si zachilendo, popeza bandulo ndi yodula ndipo anthu amagawana mavidiyo pafoni ndi pafoni. Timabokosi sitionekanso pa mavidiyo omwe mwawaika kuti ndi a ana, ndipo pa Shorts, mavidiyo afupiafupi a pa YouTube, palibe End screen. Kumeneko pali Related video, linki imodzi yomwe imaoneka pansi pa dzina la tchanelo.

Mankhwala ake ali m'mawu. Lonjezo lanu likhale ndi mawu omwe munthu angawalembe posaka, monga "katemera wa chitopa", ndipo dzina la tchanelo lilembedwe penapake pa chithunzi chenichenicho. Ikaninso linki ya vidiyo yachiwiriyo m'mizere yoyambirira ya kufotokoza kwa vidiyo ndi mu ndemanga yomwe mwaikhomera pamwamba. Ngati mumaika mavidiyo anu m'malo angapo, jambulani mathero awiri nthawi imodzi: a YouTube akuti "dinani apa", a kwinako akuti "sakani katemera wa chitopa pa tchanelo chathu cha YouTube". Ndi ntchito ya mphindi imodzi kamera ikadali chiyakire.

Ndine wamalonda, ndimafuna anthu andiimbire kapena agule. Zikusintha bwanji?

Lamulo ndi lomwelo, koma muyenera kusankha pa vidiyo iliyonse: kapena mukumutumiza ku vidiyo ina, kapena mukumutulutsa mu YouTube kuti akagule. Musachite zonse ziwiri. Mavidiyo a oyamba kumene alozerane okhaokha. Pempho logula liikeni pa vidiyo yomwe oonera ake afika kale poganiza zogula, monga ya kasankhidwe ka anapiye abwino. Nenani chinthu chimodzi chomwe achite ndi chomwe chichitike akatero: "Tumizani uthenga pa nambala ili apa, tikuuzani tsiku lomwe anapiye akutuluka." Nambalayo ikhale pa sikirini nthawi yokwanira kuti munthu aikopere, ndipo muiwerenge pakamwa kamodzi, pang'onopang'ono. Njira yolumikizirana ikhale imodzi. Mukatchula foni, WhatsApp, Facebook ndi imelo, mwabwerera ku vuto la mapempho ambiri lija.

Ndidziwa bwanji kuti mawu anga akugwira ntchito?

Yang'anani zinthu ziwiri mu Analytics, gawo la ziwerengero za vidiyoyo mu YouTube Studio, pa Engagement, ndipo muziyang'ane motsatana.

Choyamba ndi mzere woonetsa kuchuluka kwa anthu omwe akadaonerabe pa nthawi iliyonse ya vidiyo. Onani mphindi yomaliza. Ngati mzerewo ukutsika pang'onopang'ono, palibe chachilendo. Ngati pali phompho pamalo amodzi, tsegulani vidiyo pa sekondi imeneyo mumve zomwe munanena. Nthawi zambiri mupeza "basi", nyimbo yotsekera, kapena kubwereza mfundo zomwe mwanena kale.

Chachiwiri ndi End screen element click rate, kutanthauza kuti mwa nthawi zomwe kabokosi kanaonekera, kanadinidwa kangati. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Vidiyo ya anapiye yaonedwa ka 2,000. Kabokosi kaonekera ka 400, ndipo kadinidwa ka 20. Ndiye kuti 5 pa 100 aliwonse omwe anakaona anadina. Apa pali malo awiri okonza, ndipo ndi osiyana. Mukachotsa kutsanzika kwakutali, ofika pa kabokosi nkukwera kufika 600, odina akhala 30 ngakhale mawu a pempho sanasinthe. Mukakonzanso pempholo, odina nkufika 8 pa 100, akhala 48. Choncho ngati ofika ndi ochepa, vuto lili kumbuyo, kabokosi kasanatulukire. Ngati ofika ndi ambiri koma odina ndi ochepa, vuto lili pa lonjezo, pa vidiyo yomwe mwasankha, kapena pa mutu ndi chithunzi chake.

Musadziyerekeze ndi matchanelo ena. Yerekezani mavidiyo anu omwe ofanana nkhani ndi kutalika. Ndipo musaweruze ndi manambala ochepa. Ngati kabokosi kaonekera ka 40 kokha, anthu awiri owonjezera amasuntha chiwerengerocho ndi 5 pa 100, zomwe zitha kungokhala mwayi. Dikirani kafike mazana angapo. Posintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: pa vidiyo yakale, yambani ndi kusintha vidiyo yolozedwayo ngati mawu anu akulola, mulembe tsiku lomwe mwasintha, ndipo pakapita masiku 28 muyerekeze ndi masiku 28 a m'mbuyo mwake.